Anabukingi ndi Kalata Yoyankha Yokha

Pa loji ina imene ili kumapeto kwa msewu wafumbi, kuseri kwa phiri limene alendo amalijambula ndipo antchito amalitukwana, pali mayi amene aliyense amawatcha Anabukingi. Dzina lawo lenileni lili m'fayilo mu ofesi ya a Manijala, ndipo silituluka kawirikawiri. Ntchito yawo ndi kusungira alendo zipinda: munthu akalemba imelo kuti akufuna kudzagona, iwo amaona ngati malo alipo, n'kumuyankha. Ntchitoyo ikanakhala yophweka pakanapanda phirilo, chifukwa ndi lomwelo limene limatchinga netiweki.

Ofesi yawo ndi kachipinda ka kuseri kwa risepushoni, kokhala ndi zenera limodzi loyang'ana kumene amayanika mashiti. Muli tebulo, kompyuta, kalendala yaikulu yapakhoma yolembedwalembedwa ndi pensulo, komanso kabokosi ka intaneti kamene anakakhomera pamwamba pa chitseko poganiza kuti kumwambako kazigwira bwino. Kabokosiko kali ndi kagetsi. Kakakhala kobiriwira, makalata amalowa ndi kutuluka. Kakafiira, dziko lonse limakhala kutsidya kwa phiri. Antchito onse anaphunzira kuyang'ana kagetsiko asanapereke moni, kuti adziwe kuti moniwo ayankhidwa motani.

Anabukingi anafika pa lojiyi ali mtsikana, nthawi imene alendo ankasungitsa malo pa telefoni ya chingwe ndi pa fakisi. Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, asanayambe sukulu, ndipo mwanayo anakulira pansi pa tebulo lomwelo, akulemba homuweki pakati pa mapazi a mayi ake ndi bini ya mapepala. Mayiwo anali ndi chikhulupiriro chimodzi pa ntchito, ndipo ankachinena kwa aliyense wobwera kumene: kalata yosayankhidwa ndi munthu amene waima pakhomo akunena odi, iwe uli m'nyumba, wangoti chete. Kagetsi kakafiira tsiku lonse, ankakhala ngati munthu wa dzino lobooka. Kakangobiriwira, ankasiya tiyi pakamwa n'kuthamangira pa kompyuta.

Tchuthi sankapita. Chaka ndi chaka ankapempha, monga lamulo limanenera, ndipo chaka ndi chaka a Manijala ankavomera pempholo mwa mfundo n'kuliimitsa kaye mwa nyengo. A Manijala ndi bambo wabwinobwino amene vuto lake ndi loti anabadwira unduna koma n'kupatsidwa loji. Antchito onse amadyera m'khitchini imodzi ndipo akhoza kuuzidwa chilichonse pakati pa supuni ziwiri, koma iwo amakonda kukhoma chikalata pa bolodi, chokhala ndi nambala, chidindo ndi siginecha yopindika ngati waya wa mpanda. Chifukwa choimitsira tchuthicho chinkakhala chimodzi: desiki singakhale chete. Anabukingi ankadandaula mokweza m'khitchini, koma mumtima ankagwirizana nazo. Ankakhulupirira kuti atangochoka, alendo adzagona awiriawiri pa bedi limodzi osadziwana.

Chaka chimenechi zinthu zinasintha chifukwa mwana uja, amene tsopano anali pa banja mu mzinda, anali woyembekezera mwana wake woyamba. Anaimba foni masana ena.

"Amayi, sindikupempha ayi, ndikukuuzani. Mwezi wamawa ndikufuna mukhale kuno. Ku chipatala amalola munthu mmodzi yekha kulowa nane, ndipo ndanena kuti ndi inu."

"Ndibwera, mwanawe."

"Pa ukwati wanga munanenanso choncho, n'kufika anthu akuchotsa mipando."

"Basi ndi imene inachedwa ija."

"Basi inanyamuka nthawi yake, amayi. Inu ndi amene munali pa kompyuta."

Mawa lake Anabukingi anakalowa mu ofesi ya a Manijala osagogoda, zimene sanachitepo, n'kunena kuti ulendo uno tchuthi chikhala cha nyengo osati cha mfundo. A Manijala anavula magalasi, anawapukuta, n'kunena kuti utsogoleri ulibe chotsutsa, bola pakhale dongosolo loti mlendo aliyense wolemba asaone ngati loji yafa. Anati anamvapo kuti pali kalata imene imayankha yokha munthu akachoka pa ofesi. Kalata yoteroyo ikagwira ntchito bwino, tchuthi chisainidwa. Makalata enieniwo aziwawerenga iwo eni, a Manijala, netiweki ikalola.

Anayamba ndi kuikonza okha. Anakhala pa mpando wa Anabukingi madzulo onse, n'kupeza mu pulogalamu ya makalata ya pa kompyutayo malo oikira lamulo loti kalata iliyonse yolowa iziyankhidwa ndi mawu amene alembedwa kale. Mawuwo anawalemba ndi mtima wonse. Anayamba ndi kulemekeza wolandirayo mizere itatu, kenako n'kudziwitsa anthu onse okhudzidwa kuti chifukwa cha zinthu zoposa mphamvu za utsogoleri, loji pakali pano siikutha kulandira kapena kutumiza makalata.

Kagetsi kanafiira usiku womwewo, n'kukhala kofiira mpaka dzuwa la tsiku lotsatira litapendeka. Palibe mlendo amene analandira kanthu, chifukwa kompyuta yopanda netiweki siiona kalata, ndipo kalata imene siinaione siingaiyankhe. Kagetsi katabiriwira, makalata onse amene anali kudikira analowa pamodzi, ndipo kompyuta, pomvera lamulo, inawayankha onse nthawi yomweyo kuti loji siikutha kutumiza makalata. Patangopita kanthawi kochepa anthu omwewo analandira mayankho a Anabukingi, owauza za zipinda zawo. Mayi wina wa kampani yobweretsa alendo analemba mwaulemu kufunsa kuti pa makalata awiriwo akhulupirire iti.

Anaitanitsa bambo wa makompyuta, amene amabwera pa njinga yamoto ndipo salankhula zambiri asanapatsidwe tiyi. Anamwera tiyiyo m'kachipinda momwemo, a Khuki ataima pakhomo ndi thireyi, poti nkhani iliyonse ya pa lojipo imafunika mboni ya ku khitchini.

"Palibe chimene chawonongeka, bwana," anatero wa makompyuta. "Kungoti mlonda mwamuika m'nyumba imene imatsekeka. Makalata anu safikira pa kompyuta iyi. Amafikira kaye pa seva, kwa kampani imene imakusungirani imelo, ndipo kumeneko netiweki sichoka. Uthengawu tiuike kumeneko. Uziyankha usana ndi usiku, kuno kukhale netiweki kapena ayi, kompyuta ikhale yoyaka kapena yozima."

"N'zimene ndimafuna kuti tifikepo," anatero a Manijala. "Ndiye ndikhoma chikalata: netiweki ikangochoka, amene ali pa ntchito ayatse uthengawo msangamsanga. Ikabwera, auzimitse."

"Kuti muuyatse, bwana, pamafunika mulowe mu imelo. Kuti mulowe mu imelo pamafunika netiweki yomweyo."

A Manijala analingalira pang'ono. "Ndiye tiziuyatsa isanachoke."

"Kodi imatsanzika?" anafunsa a Khuki. "Ine chibwerereni pano sindinaimvepo ikuti tsalani bwino."

Panalibe kuchitira mwina. Seva siidziwa za phiri, siiona kagetsi, ndipo siiwerenga zimene mlendo walemba. Imangoona kuti kalata yafika, n'kubweza mawu amene inapatsidwa. Choncho uthengawo unayenera kukhala woyaka nthawi zonse, ndipo mawu ake anayenera kukhala oona tsiku la kagetsi kobiriwira ndi tsiku la kagetsi kofiira lomwe. Apa ndi pamene panagona msonkhano. A Manijala sankafuna kuti loji ya ulemu wake iziulula kwa munthu aliyense, tsiku lililonse, kuti intaneti yake ndi yodwaladwala. Anapempha mawu oti "tikuyankhani posachedwapa".

"Posachedwapa ndi liti, bwana?" anafunsa Anabukingi. "Mlendo akawerenga zimenezo amakhala pafupi ndi foni. Ife tikakhala chete mpaka mkuja, amati ndife abodza. Muuzeni zoona, apite akachite zina."

"Nanga tikati, 'Talandira pempho lanu ndipo tikukuyembekezerani mwachimwemwe'?"

"Ameneyo anyamula zikwama n'kubwera. Adzaima pa risepushoni ndi foni m'manja, akukuonetsani pamene mwalemba kuti mukumuyembekezera. Mudzamugoneka mu ofesi mwanu?"

Mawu oti "vuto" a Manijala anawakana mpaka mapeto, ndipo Anabukingi anawasiyira chigonjetso chimenecho. Zotsalazo zinatuluka motere:

"Zikomo potilembera. Uthenga uno ukutumizidwa wokha. Kalata yanu yafika koma palibe munthu amene waiwerenga panopa. Kuno intaneti imabwera ndi kuchoka, choncho yankho lathu likhoza kutenga masiku awiri kapena atatu. Chonde dziwani kuti uthenga uno sukutanthauza kuti chipinda chasungidwa. Chipinda chimasungidwa pokhapokha mmodzi wa ife akakulemberani kutsimikiza. Ngati simunatchule tsiku lofika, tsiku lochoka, chiwerengero cha anthu ndi mtundu wa chipinda, tilembereninso kuti tidzakuyankheni kamodzi n'kamodzi. Ngati mukufika lero kapena mawa, kapena mukufuna kusintha ulendo wapafupi, musadikire imelo: imbani kapena tumizani uthenga wa pafoni pa nambala ili m'munsiyi."

Pansi pake anawonjezera mzere woti mayi amene amayankha makalata masiku onse ali pa tchuthi mpaka kutha kwa mwezi, ndipo makalata akuwerengedwa ndi a Manijala. Nambala inali ya foni ya loji, imene imakhala m'thumba la jekete la a Manijala. Foni yoimba ndi mauthenga afupiafupi zimagwira pa lojipo ngakhale intaneti itachoka, bola munthu atulukire pakhonde.

Wa makompyuta anafufuta lamulo lakale lija pa kompyuta, n'kuika uthenga watsopanowo pa seva. A Manijala anauyesa ndi imelo yawoyawo, ndipo yankho linabwera asanatsitse foni. Anasangalala kwambiri moti anatumizanso kachiwiri kuti a Khuki aone. Ulendo uno sikunabwere kanthu.

"Yafa kale," anatero a Manijala, ndi mawu a munthu amene ankayembekezera zimenezo.

"Siinafe," anatero wa makompyuta. "Munthu mmodzi imamuyankha kamodzi, kenako imamusiya kwa masiku angapo. Ikanati iziyankha kalata iliyonse, tsiku lina ikanakumana ndi inzake yoyankha yokha ya ofesi ina, n'kumapatsana moni mpaka bokosi kudzaza."

"Ngati akazi anga ndi achemwali awo," anatero a Khuki, n'kunyamula makapu.

Tchuthi chinasainidwa ndi kudindidwa. Tsiku lomaliza, a Manijala atapita kukayendera zipinda, Anabukingi anakhala okha m'kachipinda kaja akuwerenganso uthengawo. Zonse zinali bwino kupatula nambala. Anaganiza za jekete lija, mmene limakhalira pa mpando mwini wake ali kwina. Anaganiza za mlendo amene galimoto yamufera pa msewu wafumbi, akuimba foni imene ikulira m'thumba mopanda munthu. Kagetsi kanali kobiriwira. Anafufuta nambala ya loji n'kulembapo yawo. Sanaone ngati akulakwa. Anaona ngati munthu amene akusiya kiyi kwa mnansi wodalirika, kungoti mnansiyo anali iwo omwe.

Foni yoyamba inalira basi isanafike pa tala. Anali bambo wofuna kudziwa ngati angabwere ndi galu. Sankafika tsiku limenelo kapena mawa lake. Ankafika mwezi wina. Anabukingi anazindikira pamenepo chinthu chimene msonkhano uja sunachiganizire: munthu akaona nambala sawerenganso chiganizo chimene chili pamwamba pake.

Mwana wawo ankakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, yosanjikana ndi ina, moyang'anana ndi sitolo ya matayala. Anawalandira pakhomo atagwira msana, miyendo itatupa, n'kuwakumbatira mopingasa chifukwa cha mimba. Mkamwini, munthu wofatsa wogwira ntchito yokonza mafiriji, anawanyamulira chikwama n'kuchita cholakwa chimodzi chokha pa ulendo wonsewo: anawapatsa pasiwedi ya intaneti ya m'nyumbamo.

Anabukingi anali asanaonepo intaneti yotero. Siinkaphethira. Tsamba linkatseguka chala chisanachoke pagalasi. Anangoti asuzumire mu imelo ya loji, aone ngati uthenga uja ukugwira ntchito. Unkagwira. Koma pansi pake panali mulu wa makalata amene a Manijala anali asanawatsegule, kaya chifukwa cha kagetsi kaya chifukwa cha chikalata china chimene ankalemba. Anayankha imodzi, ya mayi wa kampani uja, poti ndi kasitomala wakale. Kalendala yapakhoma anali nayo m'mutu. Anayankha yachiwiri poti inali yophweka. Pofika nthawi ya chakudya chamadzulo anali atayankha zonse, n'kutumiza uthenga wa pafoni kwa a Manijala wowauza zoti alembe pa kalendala. Alendo a loji ija sanathandizidwepo mwachangu chotero. Ankalandira uthenga woti mayi woyankha makalata ali pa tchuthi, kenako mayi yemweyo n'kuwayankha asanamalize kuwerenga. A Manijala anabweza mawu oti utsogoleri wakhutira ndi mmene dongosolo latsopano likuyendera.

Mwana wawo anapirira masiku angapo. Ankati akayamba kufotokoza mmene msana ukumupwetekera, foni inkalira, mayi ake n'kukweza chala chimodzi, kutulukira pakhonde. Ankati akawapempha kuti amuthandize kupinda tizovala ta mwana, ankapinda ndi dzanja limodzi. Tsiku lopita ku sikelo komaliza analowa limodzi kwa anamwino, amene anayamba kufotokoza zizindikiro zoti munthu athamangire ku chipatala ndi zinthu zoti womudikirira azidziwa. Foni inanjenjemera m'chikwama. Anabukingi anaigwira kuti ikhale chete, koma inayambanso, ndipo anatuluka mwakachetechete. Anali mlendo wofunsa ngati chipinda chake chili ndi ketulo. Pobwerera anapeza mwana wawo akuvala nsapato, anamwino akuitana wina.

Atafika kunyumba, mwanayo anakhala pa mpando wa m'khitchini, n'kusanjika miyendo pa ndowa yovundikira.

"Amayi, anamwino anati chiyani za magazi?"

"Anati... ukaona magazi tipite msanga."

"Zimenezo ndi zanu, si za anamwino. Anati chiyani za mutu ndi maso?"

Zimenezo zinanenedwa Anabukingi ali panja ndi foni.

"Ndawaimbira apongozi," anatero mwanayo, mosakweza mawu. "Abwera mawa. Ndi amene adzalowe nane."

"Iwe! Ine ndabwera ulendo wonsewu."

"Chabwera ndi chikwama chanu. Inu muli ku loji. Sindikukwiya ayi, ndinazolowera. Ndinakula ndikudziwa kuti foni ikalira ndikhale chete. Koma tsiku limenelo sindidzatha kukhala chete kudikira kuti mumalize za ketulo. Ndikufuna munthu amene ndikatembenuka ndidzamupeza."

"Alendowo akapanda kuyankhidwa..."

"Ayankhidwa kale, amayi. Munandiwerengera nokha uthenga wanu uja, monyadira. Umati mwachoka. Aliyense wauzidwa kuti mwachoka. Amene sanamve ndi inu nokha."

Asewere awo, mayi ake a mkamwini, anafikadi mawa lake, mayi wamtali wosalankhulalankhula, amene foni yake inali ya mabatani ndipo inkakhala pansi pa chikwama, yokulungidwa m'kansalu. Analonjerana bwino, monga anthu akuluakulu. Asewerewo sananene chilichonse chokhudza nkhaniyo, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa akananena. Anangofunsa kumene kuli beseni ndi mathawulo, n'kuyamba kulongedza chikwama cha ku chipatala ndi manja onse awiri.

Anabukingi anawayang'ana kwa kanthawi. Kenako anakakhala pa bedi m'chipinda, n'kutsegula imelo ya loji, osati ku makalata koma kumene kuli uthenga uja. Anafufuta nambala yawo n'kubwezeretsa ya loji, anaiwerenga kawiri, n'kusunga. Munali makalata atsopano, ndipo ina inali ndi mutu wolembedwa m'zilembo zikuluzikulu. Sanaitsegule. Anatuluka mu imelomo, n'kutumiza uthenga wa pafoni kwa a Manijala wowauza kuti foni ya loji iyamba kulira, aitulutse m'jekete, ndipo makalata kuyambira tsopano ndi awo.

A Manijala anaimba nthawi yomweyo. Kunkamveka mphepo ya pakhonde.

"Mayi, ndamva kuti mwasintha kalata ya loji popanda chilolezo."

"Ndaibwezera mmene munaivomerezera, bwana. Nambala imene inalipo masiku onsewa inali yanga. Kusintha kopanda chilolezo kunali koyambako."

A Manijala anafufuza ndime yoyenera.

"Ndiye kuti pali zolakwa ziwiri."

"Chachiwiri chafufuta choyamba."

"Zimenezo tidzaziona mukabwera. Koma dongosolo limayenda bwino, mayi. Bwanji tipitirize mmene timachitiramu, mongogwirizira?"

"Pa pepala limene munadinda palembedwa kuti tchuthi. Kapena chidindo chija sichinagwire?"

A Manijala sangalole munthu kukayikira chidindo chawo. Anati chinagwira bwinobwino, ndipo anawafunira tchuthi chabwino m'dzina la utsogoleri.

Panatsala chinthu chimodzi. Kusintha uthenga sikufufuta zimene anthu analandira kale, ndipo onse amene analemba masiku apitawo anali ndi nambala ya Anabukingi. Foni inaliranso ali chikhalire pa bedi pomwepo. Anaiyang'ana mpaka inasiya, n'kutumizira woimbayo nambala ya loji. Kenako anaizimitsa, n'kupita nayo kwa mkamwini, amene ankatsuka mbale.

"Bambo, iyi muisunge kumene ine sindingafike."

"Ndikaika m'bokosi la zipangizo, amayi. Limakhala lokiya."

"Ndikakupemphani musandipatse."

"Nanga mukandikalipira?"

"Mupirire. Munakwatira mwana wanga, kukalipiridwa mukukudziwa."

Mwana wawo anamva zonsezo ali pabalaza, koma apongozi ake sanawabweze. Masiku otsatirawo anali ovuta kwa Anabukingi. Dzanja linkapita lokha m'thumba n'kubwerako lopanda kanthu. Foni ya wina ikalira m'sitolo ya matayala, ankadzidzimuka. Anasesa nyumba imene inali yosesa kale, n'kusita matewera amene safuna kusita. Tsiku lina anafunsa mkamwini mwaulemu kwambiri ngati bokosi lija silikufunika kupukutidwa m'kati, ndipo mkamwiniyo anayankha mwaulemu womwewo kuti ndi loyera. Kenako pang'onopang'ono anayamba kumva zimene zinkalankhulidwa m'nyumbamo. Anapempha mwana wawo kuti awabwerezere zonse zimene anamwino ananena, za mutu wopweteka kwambiri, za maso ochita chidima, za mwana akasiya kugunda m'mimba, ndipo anazibwereza mpaka mwanayo anati zakwana. Madzulo ankamusisita mapazi, n'kumva kwa nthawi yoyamba kuti mwana wawoyo ankaopa kwambiri, ndipo anali asanauze munthu.

Matenda anayamba m'mawa wina, chakudya chili pamoto. Mkamwini anabwereka galimoto ya mnzake, onse anayi n'kukwera, chikwama chili pamiyendo pa asewere. Pa khomo la wodi anamwino anaima n'kunena zimene aliyense ankadziwa: mmodzi yekha. Amayi awiriwo anaima mbali ndi mbali, aliyense akuyang'ana pansi ngati nkhaniyo siikumukhudza. Mwanayo anagwira chitseko, kudikira kuti ululu udutse, kenako anatembenukira kwa mayi ake.

"Foni ili kuti?"

"M'bokosi la amuna ako."

"Kiyi?"

"Ali nayo iwowo. Ndinayesa, anakana."

Mkamwini anavomera ndi mutu. Mwanayo anatsala pang'ono kuseka, koma ululu unabweranso, ndipo dzanja limene anatambasula linagwira mkono wa mayi ake. Asewere anapereka chikwama kwa Anabukingi.

"Lowani, asewere. Thawulo laling'ono lili pamwamba. Ife tili pabenchi pano."

Zimene zinkachitika ku loji masiku amenewo zinadzamveka pambuyo pake, kudzera mwa a Khuki. Intaneti inachoka kwa nthawi yaitali ndithu. Uthenga uja unayankha aliyense mokhulupirika, ndipo ambiri anadikira monga unawapemphera. Banja lina silinadikire, linakasungitsa kwina. A Manijala analonjeza chipinda chimodzi kwa anthu awiri pa foni, n'kuthetsa nkhaniyo popereka chipinda chachikulu kwa amene anakalipa kwambiri, kenako analemba lipoti lofotokoza kuti dongosolo limene utsogoleri unayambitsa laonetsa mphamvu zake. Loji siinagwe. Anabukingi atamva zimenezi anakhumudwa pang'ono, monga amachitira munthu aliyense akauzidwa kuti zinthu zinayenda iye kulibe.

Koma zimenezo zinali za m'tsogolo. Masana a tsikulo anali m'wodi, mkono utachita dzanzi pamene mwana wawo anaufinya, bulauzi itanyowa ndi thukuta la anthu awiri. Mdzukulu anali wamkazi, wa tsitsi lambiri ndi mawu okwanira. Anamwino atamukulunga anafunsa ngati agogo akufuna kutuluka kaye kuti akadziwitse abale.

"Akawauza ndi anamwino anzanu pabenchipo," anatero Anabukingi. "Ine ndikhala."

Mwana wawo anatsegula maso, anawapeza ali pomwepo, n'kutsekanso.